Kuchedwetsa kanema wamba popanda kudukizadukiza: njira zinayi ndi pomwe iliyonse imakanika

Aliyense amene analumikizapo kanema wa ukwati mu Blantyre muno anamvapo pempho ili: "Achimwene, paja tikutuluka m'tchalitchi paja, payende pang'onopang'ono ngati m'mafilimu." Inu mumavomera, n'kutsitsa liwiro kufika pa 50%, kenako mkwati ndi mkwatibwi amayamba kuyenda monjanja ngati zidole za waya. Ambiri amathamangira kunena kuti laputopu yachepa mphamvu. Nthawi zambiri laputopu ilibe mlandu. Chachepa ndi mafelemu.

Kanema ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana mofulumira, ndipo chithunzi chilichonse timachitcha felemu. Kamera ikajambula mafelemu 25 pa sekondi, inu n'kuikoka sekondi imeneyo kuti ikhale masekondi awiri, ndiye kuti pakufunika mafelemu 50 pamene m'manja muli 25 okha. Pulogalamu iyenera kupeza podzazira mipata yotsalayo. Mukapanda kuiuza chochita, imangoonetsa felemu iliyonse kawiri, ndipo diso limaona zithunzi zatsopano 12 kapena 13 zokha pa sekondi. Kunjanja kuja ndi kumeneko. Mu Premiere Pro khalidwe limeneli limalembedwa kuti Frame Sampling, mu DaVinci Resolve ndi Nearest. Njira zonse zili m'munsimu zikungoyankha funso limodzi: mipata ija tichite nayo chiyani?

Kuti tisamangoyankhula m'mwamba, titenge kanema mmodzi n'kuyenda naye mpaka kumapeto. Ndi wa masekondi 6, wojambulidwa pa foni ndi mlamu wa mkwati, pa mafelemu 30 pa sekondi. Akwati akutuluka pakhomo la tchalitchi cha St Michael and All Angels dzuwa likuswa mtengo, mkwatibwi wavala velo ya lesi, amayi a mvano ayima m'mbali atavala zitenje zofanana akululutira. Kanema yense wa ukwatiwo tikulumikiza pa tayimulayini, mzere woyalapo zidutswa za kanema mu pulogalamu, ya mafelemu 25 pa sekondi. M'manja tili ndi mafelemu 180. Eni ake akufuna kachigawoko katalike kufika masekondi 12, amene ndi mafelemu 300. Akusowa 120.

## Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba n'kudziwa chiwerengero chenicheni cha mafelemu, osati kungoganizira. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa zimenezi, ndipo amene muli ndi ffmpeg, pulogalamu ya makanema yoyendetsedwa polemba malamulo, mutha kulemba:

```
ffprobe -v error -select_streams v -show_entries stream=r_frame_rate,avg_frame_rate kanema.mp4
```

Manambala awiri akutulukawo akasiyana kwambiri, ndiye kuti foniyo imasinthasintha liwiro pojambula. Mafoni ambiri amatero, makamaka kuwala kukachepa. Kanema wotere amavutitsa njira iliyonse, chifukwa mipata ya pakati pa mafelemu siyofanana. Muyambe mwamudutsitsa mu HandBrake mutasankha Constant Framerate. Ndipo ngati kanemayo wabwera pa WhatsApp, pemphani mwini wake atumizenso ngati dokumenti kapena abwere naye pa fulashi, chifukwa wotumizidwa wamba amakhala atafinyidwa kale, m'mbali mwa zinthu muli timabokosi.

Chachiwiri n'kuyang'ana chimene chikuyenda m'chithunzimo. Munthu mmodzi akuyenda kutsogolo kwa khoma loyera ndi nkhani ina, ndipo ndalama zikuuluka pa perekaniperekani, manja akupingasana, ndi nkhani inanso. Funso ili ndi limene limagamula zambiri, kuposa dzina la pulogalamu imene mwagula.

Chachitatu ndi shata, kutalika kwa nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pojambula felemu iliyonse. Imitsani kanema pakati pa kuyenda n'kuyang'ana dzanja la munthu. Ngati zala zikuoneka bwinobwino, shata inali yothamanga, monga zimakhalira foni ikamajambula padzuwa. Ngati dzanja lafufutika ngati utsi, shata inali yochedwa, mwina 1/50 kapena kutsikirapo, monga zimakhalira mu holo madzulo. Kufufutika kumeneko sikuchoka mukachedwetsa kanema. Kumangokhalitsa pamaso.

Mukadziwa zitatuzi, njira iliyonse tiiyesa pa miyeso inayi: mtengo wake, kupezeka kwake kuno kwathu, ntchito imene imafuna kuti iziyenda bwino, ndi zimene zingalakwike.

## Njira yoyamba: kuchedwetsa mpaka pomwe mafelemu enieni athera

Apa simukupanga felemu yatsopano ngakhale imodzi. Mukungoyala mafelemu amene kamera inajambula, imodzi pa malo amodzi. Masamu ake ndi osavuta: gawani mafelemu a tayimulayini ndi mafelemu a kanema. Kanema wa 30 pa tayimulayini ya 25 amapereka 83%. Wa 50 amapereka 50% ndendende, wa 60 pafupifupi 42%. Pa tayimulayini ya 30, kanema wa 60 amapereka 50%, wa 120 amapereka 25%, koma wa 30 alibe chotsala chilichonse.

M'malo molemba mapelesenti pamanja, ndi bwino kuiuza pulogalamu kuti kanemayo aziwerengedwa ngati wa 25. Mu Premiere Pro mumapita pa Interpret Footage n'kulemba 25 pa Assume this frame rate. Mu Resolve ndi Clip Attributes, kenako Video Frame Rate. Kanema wathu wa akwati uja atalika kuchoka pa masekondi 6 kufika pa 7.2, ali wosalala ngati mmene anajambulidwira. Pali phindu lina limene anthu saliganizira. Mukaika kanema wa 30 pa tayimulayini ya 25 osasintha kanthu, pulogalamu imataya felemu imodzi pa 6 aliwonse, ndipo kamera ikamatembenuka mumaona kadzidzi kakang'ono kobwerezabwereza. Kutsitsa ku 83% kumachotsa kadzidzi kameneko. Anthu oonera sazindikira n'komwe kuti mwachedwetsa, amangoti akwatiwo akuyenda mwaulemu.

Mtengo. Palibe cholipira ngati mafelemuwo alipo kale. Ngati mukukonzekera ntchito ya mawa, mtengo wake ndi malo pa memoli khadi, popeza kujambula pa 50 kapena 60 kumatulutsa mafayilo aakulu, komanso kuwala. Pa mafelemu 50 shata imayenera kukhala cha m'ma 1/100, ndipo imeneyi imalowetsa theka la kuwala kwa 1/50. Panja masana si vuto. Mu holo madzulo chithunzi chimada, kamera imakweza ISO kuti ichiwalitse, nkhope zimadzaza timchenga.

Kupezeka. Pulogalamu iliyonse yolumikizira kanema imatha zimenezi, ngakhale za pa foni, ndipo kompyuta yakale siivutika nazo. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi 60, koma 50 imapezeka kwambiri pa makamera enieni oikidwa pa PAL, dongosolo la mafelemu 25 ndi 50.

Ntchito yake. Yagona pa tsiku lojambula: kukumbukira kusintha kamera isanafike mphindi yofunikayo, n'kuibwezeranso pa 25 zolankhula zikayamba. Mawu a kanema wochedwetsedwa amakokeka, choncho kachigawo ka malumbiro kapena ka malangizo a ankhoswe musakakhudze.

Zimene zingalakwike. Pano ndiime kaye, chifukwa ndinapsa nazo. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri amaphethira maulendo 100 pa sekondi ngakhale diso siliona. Tsiku lina mu holo ina ku Limbe ndinajambula kulowa kwa akwati pa mafelemu 60, shata ili pa 1/120, ndili ndi chimwemwe chonse kuti lero ndiye ndatola zosalala. Nditafika kunyumba n'kuchedwetsa, khoma lonse linali kuphethira, mizere yakuda ikukwera pa diresi loyera. Pa liwiro wamba zinali zongokayikitsa, koma kuchedwetsa kunaziika poyera. Mankhwala ake ndi kujambula pa 25 kapena 50, shata pa 1/50 kapena 1/100. Ngati chida chanu chili ndi 60 yokha koma chimalola kusintha shata, ikani pa 1/100. Muyeneranso kusamala ndi batani la silomoshoni la pa foni, la 120 kapena 240, m'nyumba za mababu: limafuna kuwala kochuluka ndipo ndi limene limaonetsa kuphethira koposa.

Malire a njirayi ndi odziwikiratu. Pa kanema wathu yatipatsa masekondi 7.2, osati 12.

## Njira yachiwiri: kusakaniza mafelemu oyandikana

Pa sikirini imalembedwa Frame Blending mu Premiere Pro ndi mu CapCut, Frame Blend mu Resolve. Pulogalamu imatenga felemu iyi ndi yotsatira n'kuzisanjikiza, iliyonse ikuoneka pang'ono, kuti mpata udzadze. Siiganiza kanthu za kumene dzanja likupita. Imangoonetsa dzanja lili apa ndi dzanja lili apo nthawi imodzi.

Mtengo ndi kupezeka sizovuta: ili m'mapulogalamu onse akuluakulu, aulere ndi olipira, ndipo laputopu wamba imaisenza popanda kudandaula. Ntchito yake ndi kungosankha dzinalo pa kachigawo kamene mwachedwetsa.

Zimene zingalakwike. Mizukwa. Pa kanema wathu wa padzuwa uja, pomwe felemu iliyonse ndi yakuthwa, amayi akululutira aja aoneka ndi manja anayi, awiri enieni ndi awiri otuwa. Chithunzi chimasinthananso pakati pa felemu yakuthwa ndi yofufutika, ndipo diso limamva ngati kanemayo akupuma wefuwefu. Ine pochedwetsa ndimaigwiritsa ntchito pokhapokha pamene ndatsitsa pang'ono, mwina kufika 70% kapena 75%, komanso zinthu zikuyenda modekha kale, monga utsi wa pa mbaula kapena mitambo ikudutsa pa phiri la Ndirande.

Kumene njirayi imawala ndi mbali inayo, pofulumizitsa. Mukajambula magalimoto pa msewu wa Masauko Chipembere n'kukweza liwiro kufika 400%, pulogalamu imataya mafelemu atatu pa anayi aliwonse, ndipo maminibasi amaoneka akudumpha kuchoka apa kufika apo. Mukayatsa kusakaniza, mafelemu amasanjikizana ndipo minibasi imasiya kamchira kofufutika kumbuyo kwake, kamene diso limakalandira ngati liwiro lenileni.

## Njira yachitatu: kupanga mafelemu atsopano

Iyi ndi imene anthu amaithamangira, ndipo dzina lake pa sikirini ndi Optical Flow. Pulogalamu imayang'ana mafelemu awiri otsatizana, n'kuyerekeza kumene kadontho kalikonse kachokera ndi kumene kapita, kenako imajambula chithunzi chapakati chimene kamera siinachione. Ikalondola, zotsatira zake zimadabwitsa. Ikaphonya, nkhope ya munthu imasungunuka ngati kandulo.

Mtengo. DaVinci Resolve yaulere ili nayo: pa Inspector, pansi pa Retime and Scaling, muike Retime Process pa Optical Flow, ndipo Motion Estimation pa Enhanced Better. Chisankho chapamwamba chotchedwa Speed Warp chili mu Resolve Studio yokha, imene imagulidwa kamodzi pa madola 295. Premiere Pro ili nayo pa Time Interpolation, koma pulogalamuyo ndi yolipira mwezi ndi mwezi ndipo imafuna khadi yotha kulipira kunja, chinthu chimene tonse tikudziwa mmene chimavutira. CapCut ili nayo pansi pa Smooth slow-mo, koma zimene zili zaulere ndi zimene zili za Pro zimasinthasintha, choncho yesani kutulutsa kachidutswa musanalonjeze kasitomala. Yaulere kotheratu ndi ffmpeg. Kwa kanema wa 25 amene mukufuna pa theka la liwiro:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "minterpolate=fps=50:mi_mode=mci,setpts=2*PTS" -r 25 -an wochedwa.mp4
```

Lamuloli limayamba lapanga mafelemu 50 pa sekondi, kenako limawayala pa nthawi yowirikiza kawiri, n'kuchotsa mawu. Limachedwa kwambiri, ndiye dulani kaye kachigawo kofunikako musanaliyendetse.

Kupezeka. Apa ndi pamene laputopu imalowa m'nkhani. Resolve ndi fayilo ya magigabaiti, yodya bandulo, ndipo eni ake amati pa Windows pakhale memoli yosachepera magigabaiti 16. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagula m'tauni muno safika pamenepo. Imatha kutseguka, koma mukangoyatsa Optical Flow kanema amayamba kudukiza pa sikirini, ndipo munthu amaganiza kuti njirayo yalephera pamene ndi kompyuta chabe ikulephera kuonetsa.

Ntchito yake. Musaweruze musanarende, ndiko kuti musanailole kompyuta kumaliza kupanga mafelemu onse. Mu Premiere Pro mzere wofiira ukaoneka pamwamba pa kachigawo, dinani Enter mudikire usanduke wobiriwira. Mu Resolve gwiritsani ntchito Render in Place, imene imasunga kachigawoko ngati fayilo yatsopano, kotero kuti magetsi akathima pakati pa kutulutsa kanema yense simuyambiranso masamu onse aja. Kenako muyende felemu ndi felemu ndi mabatani a mivi, pa sikirini yonse, maso ali m'mbali mwa chinthu chimene chikuyenda. Zolakwika zimabisala m'mbalimo, osati pakati.

Pali kanzeru kena kamene kamasintha zotsatira. Mukauza pulogalamu kuti ikoke mafelemu athu 180 kufika 300, mafelemu atsopanowo sagwera ndendende pa akale. Ndi imodzi yokha pa 5 aliwonse imene imakhala felemu yeniyeni, zinayi zonse ndi zongoyerekeza. Koma mukayamba ndi njira yoyamba ija, kanema n'kukhala wa 25, kenako n'kuika 50%, felemu yeniyeni imasinthana ndi yopangidwa, imodzi yeniyeni imodzi yopangidwa. Kanemayo amafika masekondi 14.4, mumadula kumapeto kuti akwane 12, ndipo theka la zimene oonera akuona ndi zimene kamera inaonadi. Chifukwa cha ichi ine ndimakonda 50% kuposa manambala ngati 60% kapena 45%. Kutsika kufika 25% kumatanthauza mafelemu atatu ongopeka pakati pa awiri enieni, ndipo pa kanema wamba si kawirikawiri kuti zituluke bwino.

Zimene zingalakwike. Pulogalamu imasokonezeka pa zinthu zimene ife timakumana nazo Loweruka lililonse. Choyamba ndi chinthu chodutsa kutsogolo kwa chinzake. Dzanja la mkwati likadutsa pankhope ya mkwatibwi, pulogalamu siidziwa chimene chinali kuseri kwa dzanjalo, ndiye imakoka tsaya kuti litsatire dzanja. Chachiwiri ndi maluwa obwerezabwereza. Chitenje chokhala ndi timizere kapena timabwalo tofanana chimaipusitsa, chifukwa siidziwa kuti kabwalo aka kapita pa kabwalo kati, ndipo nsaluyo imaoneka ikuwira. Njerwa za khoma la tchalitchi, malata, mipanda ya waya ndi mabagala a m'mawindo zimachita chimodzimodzi kamera ikamayenda. Chachitatu ndi zinthu zoonekera mkati kapena zing'onozing'ono zambiri: velo ya lesi, madzi othovoka, mpunga woponyedwa, ndalama za perekaniperekani. Ndalama imatembenuka m'mwamba, felemu iyi ikuoneka yonse, felemu yotsatira ikuoneka m'mphepete mokha, ndipo palibe masamu angalumikize ziwirizo.

Palinso ziwiri zimene zimaiwalika. Fulashi ya wojambula zithunzi ikang'anima, felemu imodzi imayera yonse, ndipo mafelemu opangidwa moyandikana nayo amaphwasuka. Komanso ngati mwapatsidwa kanema wolumikizidwa kale, pamene chithunzi chimodzi chikusinthira ku china pulogalamu imayesa kusandutsa nkhope ya m'busa kuti ikhale keke. Dulani pamalo posinthirapo, chigawo chilichonse chichedwetsedwe pachokha.

Pa kanema wathu ndiye zikhala bwanji? Ubwino wake ndi dzuwa lija. Shata inali yothamanga, m'mbali mwa zinthu ndi mwakuthwa, ndipo Optical Flow imakonda zotero. Nkhope za akwati ndi suti yakuda zituluka bwino. Koma velo idzanjenjemera pomwe yakumana ndi njerwa, ndipo zitenje za amayi a m'mbali zidzawira nthawi iliyonse akakweza manja. Pa foni yaing'ono mwina anthu sangaone. Pa TV yaikulu ya pabalaza, apongozi adzafunsa kuti chachitika n'chiyani ndi nsalu zawo.

## Njira yachinayi: kuchedwetsa kamphindi kokha

Njira iyi siidzaza mipata mwa mtundu wina. Imangochepetsa mipata yofunika kudzaza. M'malo mochedwetsa masekondi onse 6, kanema amayamba pa liwiro lake, n'kutsika pang'onopang'ono pa mphindi imene ili ndi mtima wa nkhaniyo, n'kukweranso. Olumikiza makanema amati kurampa. Mu Premiere Pro ndi Time Remapping, mu Resolve ndi Retime Controls pamodzi ndi Retime Curve, mu CapCut ndi Curve pansi pa Speed.

Tibwerere kwa akwati athu. Titasandutsa kanema kukhala wa 25, tili ndi masekondi 7.2. Tiyang'ane pomwe mkwatibwi akutembenuka kumwetulira mwamuna wake, manja a onse ali pansi, amayi a m'mbali asanakweze awo. Kamphindi kameneko ndi mafelemu 30, masekondi 1.2 pa tayimulayini. Tiike mfundo imodzi yosinthira liwiro kumayambiriro kwake, ina kumapeto, pakatipo titsitse kufika 50% ndi Optical Flow. Masekondi 3 oyamba ndi 3 omaliza akhala mafelemu enieni okhaokha, pakati pakhala masekondi 2.4, zonse pamodzi 8.4. Mafelemu ongopeka ali cha m'ma 30 basi, ndipo tawaika pomwe pulogalamu ilibe chopunthwapo. Sanakwane masekondi 12 aja, koma kasitomala sanabwere ndi wotchi. Amafuna kuti pamwetulirapo mtima uime, ndipo waimadi. Kumwetulirako kumamveka kochedwa kwambiri chifukwa diso langochoka kumene pa liwiro wamba.

Mtengo. Palibe chowonjezera pa pulogalamu imene muli nayo. Kupezeka kwake ndi kwabwino ngakhale pa laputopu yofooka, poti chorenda ndi chachifupi.

Ntchito yake. Iyi ndiye imadya nthawi ya munthu, osati ya makina. Mfundo zija mukaziika n'kuzisiya, liwiro limasintha mwadzidzidzi ngati dalaivala waponda buleki pa Ginnery Corner. Muyenera kuzifewetsa. Mu Premiere Pro mumakoka mfundoyo kuti igawike pawiri, ndipo mpata wa pakatiwo ndi kutalika kwa kutsikako. Mu Resolve mumatsegula Retime Curve, kusankha Retime Speed, n'kusintha mfundoyo kukhala yokhota. Ine ndimayambira pa mafelemu 8 mpaka 12 otsikira, kenako ndimaonera n'kusintha. Mawu a kanemayo achotseni, muike nyimbo, ndipo pochedwapo pagwere pomwe nyimbo yapumira kapena ng'oma yagunda. Nthungululu za amayi zija mutha kuziika pansi pa nyimbo pa liwiro lake lenileni, bola pasakhale pakamwa pa munthu poonekera pafupi.

Zimene zingalakwike. Kamera yogwedezeka ndi mdani wamkulu. Dzanja la mlamu uja likanjenjemera, kunjenjemerako kumachedwanso, ndipo pokwera liwiro kumasanduka kugwedeza kwamphamvu. Khazikitsani chithunzi kaye, mutulutse fayilo yatsopano, kenako murampe pa imeneyo. Premiere Pro imakana n'komwe kuika Warp Stabilizer ndi kusintha liwiro pa kachigawo kamodzi mpaka mutachita Nest, ndiko kukakulunga kuti kakhale ngati kachigawo katsopano. Vuto lina ndi la dzanja lathu lomwe. Munthu akangophunzira kurampa amarampa paliponse, kanema wa ukwati n'kusanduka wotsatsa nsapato. Makhevu okonzeratu a mu CapCut amatsika kwambiri pakati, kupitirira pomwe kanema wa 30 angapirire, ndiye mukawasankha kwezani mfundo zapansizo ndi dzanja.

## Ndiye musankhe iti?

Ngati mwambo usanachitike ndipo kamera ili m'manja mwanu, nkhani yatha kale: njira yoyamba. Kulowa, kutuluka, kudula keke ndi magule jambulani pa 50 ndi shata ya 1/100, zolankhula pa 25. Panja masana 60 ya pa foni ndi yabwinobwino. M'nyumba ya mababu yesani masekondi ochepa kaye, muwachedwetse pomwepo n'kuyang'ana khoma.

Ngati mwalandira kanema wa pa foni wa 30 ndipo tayimulayini yanu ndi ya 25, tengani 83% yaulereyo poyamba. Nthawi zambiri imakwanira. Eni ake akaumirira zochedwa kwambiri, wonjezerani kurampa pa kamphindi kamodzi koyera.

Optical Flow pa kachigawo konse isungireni zithunzi zosavuta: munthu mmodzi, kumbuyo kopanda maluwa, kuwala kokwanira, kamera yokhazikika. Woyimba akuyenda yekha pa msewu wa fumbi ku Chilomoni, kapena mwana wa sukulu atanyamula satifiketi kutsogolo kwa khoma loyera, amatuluka bwino pa 50%. Mpira wa pa Kamuzu Stadium wojambulidwa pa 25 kapena 30 ndi wovuta, chifukwa miyendo imapingasana, mpirawo umayenda mtunda wautali pakati pa mafelemu awiri, ndipo ukonde wa pagolo umawira. Pamenepo ndi bwino kuonetsa chigoli kawiri pa liwiro lake, n'kuimitsa felemu imodzi pomwe mpira ukuwoloka mzere.

Kusakaniza mafelemu kukhale kwa zofulumizitsa, monga msika wa Limbe ukudzaza m'mawa kapena anthu akukongoletsa holo, komanso kwa amene laputopu yawo siingasenze zolemera ndipo akungotsitsa pang'ono.

Kanema wa mu holo usiku, wamdima, manja ofufutika, wodutsa kale pa WhatsApp, musamuchedwetse konse kupitirira 83% ija. Chimodzimodzi perekaniperekani. Ndalama zisiyeni ziuluke pa liwiro lake, ndipo ngati pakufunika pochedwa, fufuzani sekondi imene mayi ake a mkwatibwi ayima chilili akuyang'ana mwana wawo, mbale ili m'manja, muchedwetse pamenepo.